Chithunzi chapafupi cha m'mbali mwa laputopu: zimitsani sikirini, samalani zibowo

Amene mwayesapo kupanga zithunzi za zipangizo zamagetsi ndi Stable Diffusion kapena Midjourney mukulidziwa vutoli. Chitsulo chimatuluka chosiririka, koma pa sikirini pamadzaza timalemba topotoka tosawerengeka, mabatani opanda tanthauzo ndi wotchi yoonetsa nthawi yosatheka. Langizo langa ndi lakuti musalimbane ndi sikiriniyo pochulukitsa mawu. Konzani chithunzi chanu kuti makina asakhale ndi chifukwa cholembera kalikonse.

Choyambitsa chake ndi ichi. Stable Diffusion sijambula pikiselo imodziimodzi. Imagwira ntchito pa chithunzi chopanikizidwa, chochepa kasanu ndi katatu m'litali ndi m'lifupi, ndipo imachikulitsa pomaliza. Chithunzi cha mapikiselo 1216 kwa 832 chimakhala timabokosi 152 kwa 104 m'kati mwake. Chilembo cha pa sikirini chotalika mapikiselo 10 chimapeza malo ongopitirira pang'ono kabokosi kamodzi, ndiye makina amangojambula kanthu kooneka ngati chilembo. Timizere ta chitsulo tikasokonekera pang'ono diso silidandaula, koma chilembo chikangopindika aliyense amaona.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi: m'mbali mwa laputopu ya aluminiyamu, mokhala zibowo ziwiri za USB-C ndi chibowo chimodzi cha mahedifoni. Tigwiritse ntchito SDXL, mtundu umodzi wa Stable Diffusion, pa kukula kumene ndatchula kuja.

Choyamba kusankha ndi malo amene kamera ili, chifukwa ndi amene amaweruza ngati sikirini ioneke kapena ayi. Laputopu ikhale yotseka, kamera ikhale m'munsi, molingana ndi tebulo, ikuyang'ana m'mbalimo. Mukalemba chonchi sikirini palibiretu:

```
macro photo, side edge of a closed laptop, brushed aluminum,
fine horizontal grain, two USB-C ports, one round 3.5mm jack,
table-level angle, 100mm macro, f/8, low raking light, dark gray backdrop
```

Onani kuti mawu akuti `screen` mulibemo. Ambiri amalemba `no text` kapena `no UI` m'pulomputi yaikulu, akumadabwa kuti zilembo zachuluka. Makina ambiri amtunduwu samva bwino mawu okaniza. Amangogwira dzina la chinthucho n'kuchijambula. Zimene simukuzifuna zili ndi malo ake. Pa SDXL ziikeni m'bokosi la `Negative prompt`, ndipo zikhale zochepa:

```
text, letters, logo, icons, user interface, watermark, extra ports
```

Pa Midjourney mumaonjezera `--no text, logo, icons` kumapeto. Musatchulenso dzina la kampani yopanga laputopu, pakuti dzinalo limakoka chizindikiro chake, ndipo chimabwera chopunduka.

Tsopano za chitsulo, pamene ndimaona kuti anthu amathamangirapo. Chitsulo chokwechedwa chili ndi timizere tosaya, tonse toloza mbali imodzi. N'chifukwa chake m'pulomputi muja ndalemba `fine horizontal grain`. Mukangolemba `brushed metal` osanena kumene timizereto tikuloza, makina amasakaniza: apa topingasa, apo toimirira, pena tozungulira ngati pansi pa poto. Mawu ena amakangana ndi kukwechaku. `chrome`, `polished` ndi `glossy` amafafaniza timizere n'kusandutsa chitsulo galasi, pamene `sandblasted` amapereka khungu la timadontho, limene ndi mtundu winanso wa kasalalidwe. Sankhani umodzi n'kuukakamira.

Timizereto timaoneka chifukwa cha kuwala. Kuwala kochokera kumene kuli kamera kumatibisa. Kochokera chapambali, kokwawa pamwamba pa chitsulo, kumatitulutsa. Pali njira yabwino yodziwira ngati chithunzi chatuluka ngati chenicheni. Pa chitsulo chokwechedwa kunyezimira sikukhala kadontho kozungulira. Kumatambalala kukhala mkwasa wodutsa timizereto mopingasa. Ngati timizere tagona, mkwasa wa kuwala uime. Mukaona kadontho kowala kozungulira, makina akujambulirani pulasitiki yopaka utoto wa siliva, ndipo wodziwa zipangizo amazindikira msanga ngakhale sangathe kufotokoza chimene chalakwika.

Zibowo ndiye zimafuna diso lakuthwa. Chibowo cha USB-C ndi chozungulira kumapeto konse kuwiri, chofanana pamwamba ndi pansi, m'litali chimapitirira pang'ono mamilimita 8 ndipo m'lifupi sichifika mamilimita 3. Pakati pake pali kalilime kopyapyala kosakhudza khoma la pamwamba kapena la pansi. Makina amakonda kuchisokoneza ndi abale ake: amachipatsa ngodya zinayi za USB-A, kapena ngodya zam'munsi zosemedwa za HDMI, kapena amachisiya chibowo chakuda chopanda lilime. Amalakwitsanso chiwerengero, mwapempha ziwiri, zabwera zitatu, chachitatu chitasungunukira mwa chinzake. Musapemphe mitundu yambiri pa chithunzi chimodzi. Zibowo ziwiri kapena zitatu zokula bwino zimapeza timabokosi tokwanira, pamene zisanu ndi chimodzi zazing'ono zimagwa m'vuto lomwe lija la zilembo.

Mukapeza chithunzi chimene chitsulo ndi kuwala zili bwino koma chibowo chimodzi chapunduka, musayambirenso. Sungani nambala ya `seed`, tumizani chithunzicho ku `Inpaint`, ndipo pakani chibowo chokhacho pamodzi ndi kachitsulo kochepa kozungulira. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, sankhani `Only masked`, kuti kachigawoko kajambulidwe kokulitsidwa kenaka n'kubwezeredwa pamalo pake. Pulomputi ifotokoze chibowo chokhacho:

```
USB-C port, symmetrical rounded slot, thin centered tongue, chamfered edge
```

`Denoising strength` muyambire pa 0.4 kapena 0.5. Ikachepa kwambiri chilemacho chimatsala. Ikakwera kufika cha m'ma 0.8 makina amayamba kupeka zatsopano ndipo timizere tozungulira chibowo timasiya kulumikizana ndi tinzake. Chibowo chikakhala kuti chaonongekeratu, jambulani nokha kabowo kakuda ndi kamzere kotuwa pakati musanayambe, makina angosalaza zimene mwaika.

Nanga ngati mwini ntchito akufuna laputopu yotsegula? Pamenepo sikirini ikhale yozimitsa, ndipo muifotokoze ngati chinthu chooneka: `powered-off black glass display, soft window reflection`. Kupatsa galasilo chithunzithunzi cha windo kumathandiza, chifukwa malowo amakhala atadzaza kale. Kungoichititsa mbuu ndi `f/2.8` sikudalirika. Nthawi zambiri timabokosi ta zithunzi ndi mizere ya malemba zimaonekerabe, ndiponso chibowo chachiwiri chimatayika mu mbuu womwewo.

Ngati sikirini iyenera kuonetsa pulogalamu yeniyeni, imeneyo si ntchito ya pulomputi. Pangani chithunzi chokhala ndi sikirini yakuda, tengani sikirinishoti ya pulogalamuyo, ndipo muilowetse ndi chida cha `Perspective` mu GIMP kapena `Distort` mu Photoshop, ngodya zinayi zigwere pa ngodya za galasi. Ikani leyala imeneyo pa `Screen` kuti kunyezimira kwa galasi kuonekebe, ndipo muichititse mbuu mofanana ndi chitsulo cha m'mphepete mwake. Ngati mukufuna kukulitsa chithunzi ndi pulogalamu yokulitsira, teroni musanaike sikirinishotiyo, chifukwa mapulogalamu amenewa amajambulanso timalemba tating'ono ndipo angakupotozereni zilembo zimene munaika zili bwinobwino.