Kulemba gawo lofotokoza vuto mu pulopozo: ziwerengero ziyankhule m'malo mwa madandaulo

Mwa zikalata zopemphera thandizo la ndalama zimene makomiti a chitukuko ndi mabungwe a m'midzi amabwera nazo kuti tiunikire limodzi kuno ku Ntcheu, zambiri zimayamba ndi ndime yofanana. Imati anthu a dera lino ali pa umphawi wadzaoneni, amayi akuvutika kosaneneka, ana akufa tsiku ndi tsiku, choncho tikugwada pamaso panu kuti mutichitire chifundo. Olemba mawu amenewa sanama, chifukwa mavutowo amawaona ndi maso awo, ndipo mwambo wathu umatiphunzitsa kuti wopempha adzichepetse. Koma munthu amene amawerenga pulopozo ku bungwe lopereka thandizo amakhala ndi mulu wa zikalata zonena zofananazo, ndipo iyenso ayenera kukafotokozera akuluakulu ake chifukwa chimene wasankhira dera lanu osati lina. Chifundo sangachilembe pa fomu yopatsira malikisi. Chimene angalembe ndi kukula kwa vuto, anthu amene lawakhudza, ndi kumene inu mwatenga umboniwo.

Ndifotokoza ndi chitsanzo cha madzi, popeza ndi pempho limene limabwera kawirikawiri. Tiyerekeze kuti komiti ya chitukuko cha m'midzi, yotchedwa VDC, ya kwa gulupu wina wa m'chigwa cha Bwanje, yoyang'anira midzi itatu, ikufuna mijigo. Ziwerengero zimene nditchule pa midzi imeneyi ndi zachitsanzo chabe, ndipo inu mudzaikepo zanu. Komitiyo inalemba koyamba motere: "Dera lathu lilibe mijigo yokwanira. Amayi amayenda mitunda italiitali kukasaka madzi ndipo anthu ambiri amamwera limodzi ndi ziweto. Ana osawerengeka akudwala m'mimba."

Cholakwika choyamba chili m'chiganizo choyambacho. Kusowa kwa mijigo ndi yankho limene lavala malaya a vuto. Vuto lenileni ndi lakuti anthu sakupeza madzi aukhondo okwanira pafupi ndi kwawo, ndipo mjigo ndi imodzi mwa njira zolithetsera. Mukayamba ndi mjigo, wowerenga amaona kuti munasankhiratu chimene mukufuna musanayeze vuto, ndipo amadzifunsa ngati kukonza mijigo yakufa kapena kuteteza chitsime sikukanakwanira. Pambuyo pake pali mawu atatu amene sayeza kanthu, omwe ndi "italiitali", "ambiri" ndi "osawerengeka". Njira imene ndimalangiza ndi yosavuta. Tengani cholembera, mudule mzere kunsi kwa mawu alionse otere, ndipo pa mzere uliwonse mudzifunse kuti ndi angati, kuyambira liti, ndipo ananena ndani. Mawu amene alephera kupeza yankho achotsedwe, ngakhale atakoma bwanji m'makutu.

Mayankho ambiri ali pafupi kuposa momwe timaganizira. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amasunga kaundula wa mabanja ndi anthu a m'midzi imene amayendera. Komiti ya mjigo imadziwa mwezi umene mjigo unawonongeka ndi chimene chinathyoka. Ku khonsolo kuli ofesi ya zamadzi, komanso buku lofotokoza za chuma ndi moyo wa anthu m'boma lonse, limene limatsagana ndi dongosolo la chitukuko cha boma. Kalembera wa anthu wa 2018, amene inachititsa ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, ali ndi ziwerengero za maboma ndi madera a mafumu aakulu. Koma pano pali msampha umene ambiri amagwamo, wotenga chiwerengero cha boma lonse la Ntcheu n'kuchilemba ngati cha midzi itatu. Boma lino lili ndi mapiri ozizira a ku Tsangano komanso chigwa chotentha cha ku Sharpevale, ndipo madzi sapezeka mofanana m'malo awiriwa. Chiwerengero cha boma chigwiritsidwe ntchito poyerekeza chabe, ndipo chitchulidwe dzina lake ndi chaka chake.

Tinene kuti komiti yathu yapita kwa mlangizi wa zaumoyo ndipo yapeza kuti midzi itatuyo ili ndi mabanja 310, anthu 1,380. Mijigo ilipo 3, koma umodzi unasiya kutulutsa madzi zaka ziwiri zapitazo. Chiwerengero chokha sichinena kanthu mpaka chitayezedwa ndi muyeso umene wopereka thandizo amaudziwa kale. Muyeso umene umatsatidwa m'dziko muno ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250, ndipo ukhale pa mtunda wosapitirira mamita 500 kuchokera pakhomo. Tikagawa anthu 1,380 pa mijigo iwiri yamoyo, uliwonse ukusenza anthu 690, pafupifupi katatu kuposa muyesowo. Tikagawa 1,380 ndi 250 tipeza kuti pafunika mijigo 6, kutanthauza kuti ikupelewera 4, ndipo umodzi mwa inayiyo ukhoza kupezeka pokonza wakufa uja ngati amisiri atatsimikiza kuti pansi pali madzi. Masamu ochepawa achita ntchito imene ndime yonse ya madandaulo inalephera, chifukwa aonetsa kukula kwa mpata ndipo akonzeratu njira ya bajeti. Mjigo wakufawo musaubise poopa kuti muoneka osasamala. Opereka thandizo ambiri amabwera kudzaona malo asanatulutse ndalama, ndipo akaupeza mjigo umene simunautchule, adzayamba kukayikira ziwerengero zanu zonse.

Mtunda ndi nthawi sizipezeka m'kaundula aliyense, choncho muyenera kuziyeza nokha, ndipo apa m'pamene kuona maso a nkhono kumafuna kudekha. Sankhani anthu awiri a m'komiti okhala ndi foni kapena wotchi, akhale pa mjigo masiku atatu kuyambira m'bandakucha. Alembe nthawi imene mayi wafika ndi nthawi imene wasenza ndowa yake, amufunsenso nthawi imene amatenga kuyenda kuchokera kunyumba ndi kubwerera. Awerenge ndowa ndi zigubu zimene zandandalikidwa pamzere nthawi ya 6 koloko m'mawa, chifukwa m'midzi yathu chimene chimaima pamzere ndi ndowa, mwini wake atabwerera kukaphika phala la ana a sukulu. Muyeso wa mabungwe a WHO ndi UNICEF ndi wakuti ulendo wonse wa kumadzi, kupita, kudikira ndi kubwerera, usapitirire mphindi 30. Ngati mwa amayi 40 amene munawayeza, 29 anapitirira mphindi 30, lembani chomwecho, kuti 29 mwa 40. Musasandutse zimenezi kukhala maperesenti a dera lonse, popeza munayeza anthu 40 okha, pa mijigo iwiri, masiku atatu. Tchulaninso mwezi, chifukwa mzere wa mu Okutobala, zitsime za m'dambo zitauma, sufanana ndi wa mu Febuluwale, ndipo wowerenga wodziwa ntchito yake adzafuna kudziwa nyengo imene munayeza.

Gawo lofunika kusamala kwambiri ndi la matenda, chifukwa ndi pamene mtima umathamangira kutsogolo kwa umboni. Kaundula wa kiliniki ya m'mudzi angaonetse kuti pakati pa Disembala ndi Malichi panalembedwa maulendo 61 a ana osakwana zaka zisanu otsegula m'mimba. Amenewa ndi maulendo, si ana 61, pakuti mwana mmodzi akhoza kubwera kawiri kapena katatu. Ndiponso kaundula sanena kuti matendawo anabwera ndi madzi a kumtsinje, popeza kutsegula m'mimba kumayenderanso zimbudzi, kusasamba m'manja ndi kasungidwe ka madzi m'nyumba. Choncho musalembe kuti ana 61 anadwala chifukwa chosowa mjigo. Lembani chimene kaundula akunena, muike pambali pake chiwerengero cha mabanja amene amatunga kumtsinje, ndipo wowerenga adzalumikiza yekha. Chimodzimodzi ndi mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unagwedeza dziko lonse. Utchuleni pokhapokha ngati chipatala cha m'dera lanu chingatsimikize kuti midzi yanu inakhudzidwa. Za imfa, ngati mulibe umboni wolembedwa, ndi bwino kusazitchula n'komwe. Mutenge ziwerengero zokha kwa mlangiziyo, osati mayina a ana kapena a makolo awo.

Ndime ija ikalembedwanso imamveka motere: "Midzi itatu ya kwa gulupu wathu ili ndi anthu 1,380 m'mabanja 310, malinga ndi kaundula wa mlangizi wa zaumoyo wa chaka chino. Mwa mijigo 3 imene ilipo, imene ikugwira ntchito ndi 2, kotero kuti uliwonse ukutumikira anthu 690 pomwe muyeso wa dziko ndi 250. Pa kuyeza kumene komiti inachita masiku atatu mu Okutobala, amayi 29 mwa 40 anatenga mphindi zopitirira 30 pa ulendo umodzi wa kumadzi, ndipo tsiku lachiwiri nthawi ya 6 koloko m'mawa panali ndowa 47 pamzere. Mabanja 85 a mudzi wakutali kwambiri amatunga kumtsinje kumene ng'ombe zimamwera. Pakati pa Disembala ndi Malichi, kiliniki ya m'mudzi inalemba maulendo 61 a ana osakwana zaka zisanu otsegula m'mimba."

Ena amandifunsa ngati kulemba motere sikuchotsa umunthu m'nkhani ya anthu ovutika. Maganizo anga ndi akuti ndowa 47 zija zimagwira mtima kuposa mawu akuti "kosaneneka", chifukwa munthu angathe kuziona m'maganizo mwake ndipo sangazitsutse. Chithunzi chimodzi chotere ndi chokwanira pa ndime yonse. Ngati fomu ikupereka malo a mawu a munthu wokhudzidwa, ikani chiganizo chimodzi chimene iye ananenadi, atavomera kuti chilembedwe, ndipo musamukometsere mawu. Ndimakondanso kuti pakhale chiganizo chonena zimene anthu achitapo kale, monga ndalama imene mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi yogulira zipangizo za mjigo, kapena mchenga ndi njerwa zimene atuta. Pulopozo yosonyeza anthu ngati ongokhala manja lende imabweretsa funso lakuti mjigo watsopanowo adzausamala ndani ukadzathyoka, ndipo kunena zoona imawachotsera ulemu anthu amene akulimbana ndi vutolo tsiku lililonse.

Mapulopozo ambiri amatumizidwa m'Chingerezi, ndipo nthawi zambiri komiti imapempha mphunzitsi kapena wachinyamata wophunzira kuti amasulire. Womasulirayo muuzeni kuti asawonjezere mawu okometsera amene munawachotsa, ndipo akamaliza akuwerengereni ziwerengero zonse m'Chichewa kuti muone ngati zikufanana ndi za m'kope lanu. Kenako yang'anani ngati chiwerengero chilichonse cha m'gawo la vuto chikubweranso m'zolinga ndi m'bajeti. Ngati vuto likunena za mijigo 4 yopelewera koma bajeti ikupempha 7, kapena ngati anthu ali 1,380 pa tsamba loyamba n'kukhala 2,000 pa tsamba lachitatu, pulopozoyo ibwerere patebulo isanapite ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kapena ku khonsolo. Mapepala amene munalembapo nthawi ya amayi aja, pamodzi ndi tsiku limene munakopera kaundula, asungidwe kwa mlembi wa komiti, chifukwa obwera kudzayendera malo amapempha kuwaona.