Momwe mungawerengere zizindikiro za pa pulasitiki mukangotumiziridwa chithunzi

Malonda a mabotolo ndi zigubu zakale masiku ano amayenda kwambiri pa WhatsApp. Wogulitsa ali ku Limbe, inu muli ku Chilomoni, ndiye amangojambula katundu n'kutumiza. Musanakwere minibasi kukatenga, chithunzicho chikhoza kukuuzani mtundu wa pulasitiki imene mukugula, bola mudziwe poyang'ana.

Choyamba, pemphani chithunzi cha kunsi. Ambiri amajambula kutsogolo kumene kuli chikalata chokongola, koma chizindikiro chimene mukufuna chimakhala pansi pa botolo kapena chigubu, chodindidwa m'pulasitiki momwemo. Popeza chilibe mtundu wakewake, fulashi imachifafaniza. Muuzeni wojambulayo kuti, "Achimwene, muzimitse fulashi, mupendeketse botolo pafupi ndi zenera." Kuwala kukabwera cham'mbali, zilembo zimachita kamthunzi n'kuwerengeka. Chizindikiro chosindikizidwa pa chikalata musachikhulupirire msanga, chifukwa nthawi zina chimanena za chikalatacho, osati botolo.

Chithunzi chikafika, chikulitseni ndi zala ndipo funani kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati. Kawirikawiri makonawo amakhala mivi itatu yothamangitsana, koma pa katundu wina watsopano ndi mizere itatu chabe. Manambalawa anayamba ku Amereka mu 1988 kuti osankha zinyalala asamasakanize mapulasitiki, ndipo alipo 7. Nambala 1, yolembedwa PET kapena PETE, ndi ya mabotolo oonekera mkati a madzi, zakumwa ndi mafuta ophikira. Nambala 2, HDPE kapena PE-HD, ndi ya zigubu zolimba zosaonekera mkati. Nambala 4, LDPE, ndi ya majumbo ofewa otamuka, pamene 5, PP, ndi ya ndowa, makontena a majarini ndi zitsekero zambiri. Zotsalazo ndi 3 ya PVC, ya mapaipi. 6 ya PS, ya timakontena toyera topepuka ta chipisi. Ndi 7, OTHER, kumene amaponyako chilichonse chimene sichinalowe m'magulu enawo.

Mivi itatuyo isakupusitseni. Sikulonjeza kuti chinthucho chikasungunulidwa n'kupangidwanso. Imangonena mtundu wa pulasitiki, basi. Ngati muno mu Blantyre mulibe wogula mtunduwo, chinthucho chikathera kotayira zinyalala ku Mzedi kapena mu mtsinje wa Mudi ngakhale chili ndi mivi.

Tsopano tsimikizani nambalayo ndi zilembo za pansi pake, chifukwa apa ndi pamene zithunzi zimanamiza. Botolo loonekera mkati likajambulidwa kuchokera kukamwa, mumawerenga chizindikirocho chakumbuyo, ndipo 2 wotembenuka amafanana kwambiri ndi 5. Kamera yakutsogolo ya mafoni ena imatembenuzanso chithunzi chimodzimodzi. Zilembo ndizo zimathetsa mkangano: ngati zikuoneka zobwerera m'mbuyo, chithunzicho ndi chotembenuka. Komanso kunsi kumakhala manambala ena oima paokha, opanda makona atatu, monga 6 kapena 14. Amenewo nthawi zambiri ndi nambala ya chikombole cha ku fakitale, ndipo sakunena za mtundu wa pulasitiki. Kazungulire kooneka ngati wotchi, ka manambala 1 mpaka 12 ndi muvi pakati, kakusonyeza mwezi umene chigubucho chinaumbidwa, ndipo manambala awiri a m'mbali mwa muviwo ndi chaka.

Nanga chithunzi chikakhala chosaoneka bwino? Yang'anani maumbidwe a kunsi. Botolo la PET limakhala ndi kamchombo kolimba pakati penipeni, pamene chigubu cha HDPE chimakhala ndi msoko wodutsa kunsi konse, pamene pulasitiki inatsinidwa poumba. Mukadzachigwira m'manja, dulani kachidutswa n'kukamiza m'madzi: PET ndi PVC zimamira, HDPE, LDPE ndi PP zimayandama. Dulani ndithu, chifukwa botolo lathunthu limayandama ndi mpweya wa mkati mwake.

Tiyeni titenge chitsanzo. Mayi wophika thobwa ku Ndirande watumiziridwa zithunzi ziwiri: mabotolo a theka la lita, ndi chigubu chabuluu cha malita 20 cha mtengo wabwino. Pa mabotolo pakuoneka 1, PET ndi kamchombo pakati. Amenewa ndi abwino pa thobwa lozizira, koma asathiremo lotentha, pakuti PET imayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma digiri 70, ndipo botolo limakwinyika n'kuchepa. Zitsekero zake ndi pulasitiki ina, HDPE kapena PP, n'chifukwa chake ogula ena amafuna zitsekero pazokha.

Pa chigubucho pali 2 ndi HDPE, pulasitiki yomweyo imene amapangira zigubu za mkaka ndi madzi. Koma cham'mbali pakuoneka kazungulire ka zilembo `u` pamwamba ndi `n` pansi, kotsatana ndi `3H1`. Chimenechi ndi chizindikiro cha bungwe la United Nations cha zotengera zoyesedwa kuti zinyamule katundu woopsa: 3 akutanthauza chigubu, H pulasitiki, 1 chakukamwa kwakung'ono. Sichikutsimikiza kuti munali poizoni, koma chikunena kuti chigubucho chinapangidwira zoterozo. Apa mayiyo apemphe chithunzi chachitatu, cha chikalata kapena zotsalira zake. Akaonapo chigaza ndi mafupa, kapena lawi la moto m'kabokosi kofiira kopendekeka, nkhani yathera pomwepo. Mankhwala ena, makamaka a mbewu ndi a mafuta, amalowerera m'thupi la HDPE, ndipo kutsuka ndi sopo sikuwachotsa onse. Chikalata chikakhala chopalidwa dala, ine sindingagule. Nambala 2 ikukuuzani chimene anaumbira chigubu, koma ili chete pa chimene chinakhalamo.

Chizindikiro chonena za chakudya ndi china: kapu ya galasi ndi foloko pambali pake. Chimatanthauza kuti chinthucho chinapangidwa kuti chikhudze chakudya chikadali chatsopano. Sichinena za kutentha, choncho kontena ya 6 yokhala ndi foloko musaikemo mafuta ochokera pamoto.

Zina mungazidutse msanga. Kazungulire ka mivi iwiri yokumbatirana, kobiriwira nthawi zambiri, kamabwera pa katundu wochokera ku Ulaya ndipo kamangonena kuti kampani inalipira ndalama yotolera zinyalala kumeneko. Kuno kalibe ntchito. Kamunthu kotaya chinyalala m'bini kakungoti musataye paliponse. Kabotolo kotsegula kolembedwa `12M` pa mafuta odzola kakuti agwiritsidwe ntchito m'miyezi 12 chitsegulireni. Mivi yokhala ndi peresenti pakati ikunena kuchuluka kwa pulasitiki yakale imene inalowa popanga. Mukaona nambala yoposa 7 m'makona atatu aja, nthawi zambiri mwachoka pa pulasitiki yokhayokha: `41 ALU` ndi chitini cha aluminiyamu, `C/PAP 84` ndi katoni ya juwisi kapena mkaka yomatikiza pepala, pulasitiki ndi aluminiyamu.

Pa majumbo pali chimodzi chimene chithunzi sichingakuthandizeni. Lamulo la Malawi la 2015 limaletsa majumbo opyapyala amene kukhuthala kwake sikufika ma mayikuloni 60, koma 2 kapena 4 wodindidwa pa jumbo sakunena za kukhuthala kwake. Ngati mukugula ambiri oikiramo malonda, funani pamene alemba kukhuthalako pa phukusi, ndipo pakasowa, pemphani jumbo imodzi muyambe mwaigwira musanalipire.