Kupeza dalaivala yomwe ikugwetsa Windows

"Kompyuta yanga ikumangoonetsa sikirini yabuluu n'kuyambiranso yokha. Ndingadziwe bwanji dalaivala yomwe ikuchititsa zimenezi?"

Yambani ndi Event Viewer. Tsegulani Windows Logs, kenako System, musefe kuti muone Event ID 1001 ya BugCheck. Pamenepo mupeza nambala ya vutolo ndi nthawi yake. Musataye nthawi pa Kernel-Power 41, chifukwa imangonena kuti makina anazima mosayembekezeka, sinena chifukwa chake.

Kenako pitani ku C:\Windows\Minidump, fodayi ndi yomwe Windows imasungamo mafayilo a zomwe zinachitika pamene kompyuta inagwa. Mukapeza fodayo ilibe kanthu, sankhani Small memory dump pa Startup and Recovery, mudikire kuti igwenso. Mafayilo akakhalapo, akopereni pa Desktop, mutsegule imodzi mu WinDbg, pulogalamu ya Microsoft yowerengera mafayilo oterewa, n'kulemba:

```
!analyze -v
```

Yang'anani mzere wa IMAGE_NAME. Tinene kuti nambala ndi 0x116 ndipo dzina ndi nvlddmkm.sys: imeneyo ndi dalaivala ya khadi la zithunzi la NVIDIA. Lembani `lmvm nvlddmkm` kuti muone deti lake. Ngati vuto linayamba mutangoika yatsopano, bwererani ku yakale kudzera mu Device Manager.

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi pamene IMAGE_NAME yaonetsa ntoskrnl.exe. Umenewu ndi mtima wa Windows, ndipo kawirikawiri umangogwera pa zomwe dalaivala ina yawononga kale. Choncho musaweruze ndi fayilo imodzi. Tsegulani zitatu kapena zinayi: dzina likamabwerezabwereza, mwaipeza. Koma mayina ndi manambala akamasinthasintha, ine ndimayamba ndakayikira RAM, ndipo muiyese ndi `mdsched.exe` musanachotse dalaivala iliyonse.