Timu ya anthu atatu, matesiti oyamba akhale ati?

Anzanga a mapulogalamu muno mu Blantyre, ngati muli atatu kapena anayi basi musayambe ndi matesiti oyendetsa pulogalamu yonse pa bulawuza aja. Ife tinayamba choncho ndi Selenium pa sisitimu ya ma invoisi, kudikira mpaka tiyi kuzizira, ndiye netiweki ikangogwedera tesiti yagwa pomwe khodi ili bhobho, mapeto ake aliyense anasiya kuwakhulupirira.

Powerengera msonkho ndi kuchotsera mtengo ikani ma yuniti tesiti ambiri, amathamanga mmasekondi ndipo akagwa amakulozerani fankishoni yolakwa. Koma samalani, tesiti yathu ina inkadutsa bwinobwino chifukwa database tinaika yonamizira, pomwe PostgreSQL yeniyeni inkakana invoisi yopanda nambala ya kasitomala poti kolamu ija ndi `NOT NULL`. Izi zimagwidwa ndi integireshoni tesiti, yolumikiza khodi ndi database yeniyeni mu Docker, apa ndiye musaumire nthawi, paliponse pamene khodi ikulemba mu database pakhale kake.

Za bulawuza zija tinasiya ziwiri zokha, kulowa muakaunti ndi kulipira, timaziyendetsa tisanatulutse veshoni yatsopano.