Tebulo la mu Excel likamatuluka loduka pa pulinta

Tiyerekeze kuti muli ndi tebulo la makolamu 12, kuchokera pa A mpaka L, ndi mizere 140. Mwapulinta, koma makolamu atatu omalizira atulukira patsamba laokha, ndipo mizere yathera pa 90. Musathamangire kuda pulinta. Awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo onse amakonzedwa mu Excel momwemo pepala lisanawonongeke.

Yambani ndi mizere yosowayo. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti wina anaika Print Area, malire a gawo loti lipulintidwe, kalekale, tebulo lidakali lalifupi, tinene A1:L90. Mizere imene mwawonjezera m'munsi imakhala kunja kwa malirewo, ndiye Excel amangoisiya osakuuzani. Kuti mutsimikize, pitani pa View, musankhe Page Break Preview. Gawo loti lipulintidwe limaoneka loyera, lozunguliridwa ndi mzere wabuluu wonenepa, pomwe zotsala zimakhala zotuwa. Kokani mzere wabuluu wam'munsiwo mpaka pa 140. Kapenanso pitani pa Page Layout, Print Area, mudine Clear Print Area. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi ngati tebulo limakula mwezi ndi mwezi, kuopa kuti vutoli lingabwerenso.

Tsopano makolamu. Musanachepetse chilichonse, gonekani pepala: pitani pa Page Layout, Orientation, musankhe Landscape. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, choncho mukaligoneka makolamu amapeza malo ambiri. Pa Size onetsetsaninso kuti pali A4 ngati ndi pepala limene lili mu pulinta, chifukwa Letter ndi lalifupi pang'ono.

Akakanabe kukwana, pa Page Layout pomwepo ikani Width pa 1 page, koma Height muisiye pa Automatic. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amasankha Fit Sheet on One Page, mizere yonse 140 n'kupanikizana patsamba limodzi, zilembo n'kusanduka tinyerere. Chofunika ndi kupanikiza m'lifupi mokha, mizere ipitirire pamasamba ena mmene ingafunire. Mukatero yang'anani nambala ya pa Scale. Zilembo za saizi 11 zikachepetsedwa kufika pa 60 peresenti zimatsala pafupifupi saizi 6 ndi theka, ndipo owerenga adzatsinzinira. Zikafika pamenepo ndi bwino kuchepetsa makolamu otambalala mopanda chifukwa, kusankha Narrow pa Margins, kapena kubisa kolamu imene siikufunika papepala.

Tsamba lachiwiri lisatuluke lopanda mitu. Pa Print Titles, m'kabokosi ka Rows to repeat at top, lembani:

```
$1:$1
```

Izi ndi pamene mitu ili pamzere woyamba. Ikatenga mizere iwiri, lembani $1:$2.

Kenaka dinani Ctrl+P muone chiwerengero cha masamba m'munsi mwa chithunzicho. Mukaona masamba 9 pomwe mumayembekezera 4 kapena 5, fufuzani kachilembo kotayika m'kabokosi kakutali, kumanja kapena kumunsi kwa tebulo, mukafufute.