Mmene ndinasiyira kulakwitsa 9:3:3:1

Ndinkakweretsa nsawawa za RrYy ndi RrYy, pamene R ndi mbewu yobulungira, r yamakwinya, Y yachikasu, y yobiriwira. Bokosi la Punnett la zipinda 16 ndinkalijambula bwinobwino, koma chiwerengero cha maonekedwe sichinkafika pa 9:3:3:1. Ndinabwereza kuwerenga katatu, osaphula kanthu.

Cholakwika chinali pa magameti, omwe ndi maselo oberekera. Ndinkalemba Rr ndi Yy pamwamba pa bokosi, chonsecho gameti imatenga chilembo chimodzi pa jini iliyonse. Zolondola ndi RY, Ry, rY, ry. Mukangoona zilembo ziwiri za jini imodzi mu gameti, dziwani kuti zasokonekera.

Chimene chinandithandiza kwambiri n'kusiya bokosi lalikululo n'kutenga jini iliyonse payokha. Rr ndi Rr amapereka 1/4 RR, 1/2 Rr, 1/4 rr, ndipo popeza R imaphimba r, zobulungira ndi 3/4. Yy chimodzimodzi. Popeza majini awiriwa amagawika mosadalirana, mumangochulukitsa. Zobulungira zachikasu: 3/4 × 3/4 = 9/16. Zobulungira zobiriwira 3/16, zamakwinya zachikasu 3/16, zamakwinya zobiriwira 1/16.

Majenotaipu, kutanthauza zilembo zenizeni za majini monga RrYy, nawo amayenda momwemo. RrYy ndi 1/2 × 1/2 = 4/16, RRYy ndi 1/4 × 1/2 = 2/16, RRYY ndi 1/16. Onse alipo 9, ndipo mukawaphatikiza afike pa 16/16.

Koma samalani, kuchulukitsaku kumalephera majini akakhala moyandikana pa kromozomu imodzi, chifukwa amapita limodzi kwa ana.