Batire ya droni isamagone yodzaza

Anzanga owulutsa madroni kuno ku Mzuzu, mvula ikakutsekerani m'nyumba masiku angapo, musasiye batire ya LiPo yodzaza pa mavoti 4.2 pa selo. Imakalamba msanga. Itsitseni pa 3.8, ndiye kuti ya maselo 4 iziwerenga 15.2 yonse.

Matani kapepala pa batire, muzichongapo mukatchaja, ndi mphindi zomwe yauluka. Imene inkauluka mphindi 20 ikayamba kutera pa 15, yatopa. Mukangotera, yezani selo iliyonse: imodzi ikatsalira anzake ndi mavoti 0.1, vuto lili pamenepo.

Koma yotupa ngati mandasi, kapena yonunkhira motsekemera, chonde musaitchajenso. Imeneyo ingakuotchereni nyumba.